Kuphunzira Kulemba Mapulogalamu mu Lusaka Pamene Deta Ikudula Ndipo Magetsi Akuzimazima

Nkhani ya lero ikukhudza achinyamata ndi akuluakulu amene akuphunzira kulemba mapulogalamu a pakompyuta, ntchito imene munthu amalemba malangizo m'chinenero chimene kompyuta imachimva kuti igwire ntchito inayake. Funso la lero ndi ili: kodi wophunzira angakonze bwanji maphunziro ake kuti asaime bandulo ikatha kapena magetsi akazima? Yankho lake lili m'mawu atatu amene amveka kangapo m'nkhani ino, ndipo mawuwo ndi kutsitsa kamodzi, kuyesa popanda intaneti, ndi kusunga.

Choyamba, vutoli liyenera kumveka bwino. Magetsi ambiri a dziko la Zambia, oposa magawo 80 pa 100 alionse, amachokera ku mphamvu ya madzi, makamaka ku Kariba pa mtsinje wa Zambezi ndi ku Kafue Gorge, kotero mvula ikavuta nawonso magetsi amavuta. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala cha chaka chimenecho chinali tsoka la dziko lonse, ndipo mwezi wotsatira kampani ya ZESCO inayamba kuzimitsa magetsi maola 8 pa tsiku. Maolawo anapitirira kukwera pamene madzi ankatsika m'nyanja ya Kariba, mpaka chakumapeto kwa chakacho makomo ambiri mu Lusaka ankaona magetsi maola ochepa ngati 3 pa tsiku, ndipo nthawi zambiri ankabwera usiku anthu atagona. Nsanja za netiweki ya mafoni nazonso zimadalira magetsi, ndipo ngakhale zili ndi mabatire ndi majenereta, magetsi akasowa nthawi yaitali netiweki imafooka m'madera ena.

Tanthauzo la zimenezi kwa wophunzira ndi lakuti zinthu zitatu zimene amazifuna, zomwe ndi magetsi, intaneti ndi mpata wokhala pansi, sizipezeka pa ola limodzi. Magetsi akhoza kubwera pakati pa usiku, intaneti yabwino ikhoza kupezeka masana pasukulu kapena kuntchito, pamene mpata wophunzira uli madzulo kunyumba. Banja la ku Kabulonga kapena Woodlands limene lili ndi sola padenga silimva kwambiri kusiyana kumeneku, koma wophunzira wa ku Kabwata kapena Chelstone amene ali ndi laputopu yogula yakale ndi foni imodzi amakumva tsiku lililonse. Amene amadikira kuti zitatuzi zikumane amaphunzira mwa apo ndi apo, pamene amene wagawa ntchito yake molingana ndi chimene chilipo pa ola limenelo amaphunzira tsiku ndi tsiku.

Kodi kulemba mapulogalamu kumafunadi intaneti? Mbali yaikulu ya ntchitoyi siifuna. Chinenero monga Python chikaikidwa m'laputopu chimagwira ntchito m'makina momwemo, ndipo kulemba malangizo, kuwayendetsa ndi kukonza zolakwika sikudya deta ngakhale pang'ono. Intaneti imafunika pa zinthu zochepa zokha: kutsitsa zida, kutanthauza kukopera mafayilo kuchokera pa intaneti kubwera m'laputopu, kufufuza yankho la vuto limene lakanika, ndi kutumiza ntchito kwa ena. Anthu a mu Lusaka amadziwa kale nzeru yofunika pano, chifukwa madzi akangotuluka pampopi amadzaza migolo ndi zigubu zonse podziwa kuti mawa mpopi ukhoza kuuma. Wophunzira nayenso akapeza intaneti yotsika mtengo ayenera kutsitsa zonse zimene adzazifune kwa milungu ingapo.

Kuti nkhaniyi ioneke bwino, omvera aganizire wophunzira wa ku Chelstone amene akufuna kupanga pulogalamu yaing'ono yolembera ndalama za chilimba cha amayi a m'dera lake, yosonyeza amene wapereka, amene sanapereke ndi amene akulandira mwezi umenewo. Laputopu yake ili ndi Windows, ndipo wasankha Python pamodzi ndi Flask, chomwe ndi chida chothandiza kuti pulogalamu ya Python izioneka ngati tsamba lotsegulidwa mu Chrome kapena Firefox. Wophunzirayu amapeza intaneti ya wayifayi kamodzi pa sabata akakwera basi ya msewu wa Great East kupita ku yunivesite ya UNZA kapena mtauni. Ntchito yake yoyamba imachitikira papepala usiku woti mawa anyamuka, ndipo ntchitoyo ndi kulemba mndandanda wa zofunika kutsitsa, popeza chinthu chimodzi chikaiwalika amadikira sabata yathunthu kapena kugula bandulo imene sanaikonzekere. Akuluakulu anati mmera mpoyamba.

Pamndandandawo pali zinthu zinayi. Choyamba ndi fayilo yoikira Python, imene kukula kwake ndi mamegabaiti pafupifupi 25. Chachiwiri ndi cholembera malangizo, ndipo apa pali kusankha, chifukwa Python wa pa Windows amabwera ndi cholembera chake chaching'ono chotchedwa IDLE, chimene chimakwanira kwa woyamba kumene, pamene Visual Studio Code, imene ambiri amaikonda, ndi mamegabaiti pafupifupi 100. Chachitatu ndi Git, chida chosungira mbiri ya ntchito chimene chifotokozedwa kutsogoloku. Chachinayi ndi buku la malangizo a Python, limene eni chinenerochi amalipereka kuti munthu alitsitse lathunthu n'kumaliwerenga popanda intaneti. Zonsezi pamodzi sizifika kotala la gigabaiti imodzi, pamene mtolo waukulu wotchedwa Anaconda, umene maphunziro ambiri a pavidiyo amauza anthu kuti atsitse, umayandikira gigabaiti yathunthu, ndipo zambiri zimene zili mmenemo wophunzira wa pulogalamu ya chilimba sadzazigwiritsa ntchito. Posungira ziwerengero safunika kutsitsa kalikonse, chifukwa SQLite, kankhokwe ka ziwerengero kamene kamakhala m'fayilo imodzi, kamabwera kale ndi Python.

Tsopano nkhani ifike pa malaibulale, pamene ambiri amapunthwa. Laibulale m'ntchito imeneyi ndi malangizo amene anthu ena analemba kale kuti wina awagwiritse ntchito m'pulogalamu yake, ndipo Flask ndi imodzi mwa malaibulale otere. Chida chotchedwa pip ndi chimene chimatsitsa ndi kuika malaibulale a Python, ndipo chikauzidwa kuti chiike Flask chimapita pa intaneti kukaitenga pamodzi ndi ena amene Flask imadalira, monga Werkzeug, Jinja2 ndi MarkupSafe. Vuto limabwera chifukwa chakuti ntchito iliyonse yatsopano imayenera kukhala ndi malo akeake a malaibulale, kotero wophunzira akayamba ntchito yachiwiri kunyumba amapeza kuti pip ikufunanso intaneti. Njira yake ndi kuuza pip kuti isaike kanthu, koma itsitse mafayilowo n'kuwasunga m'foda. Ali pa wayifayi, wophunzirayo alemba motere:

```
pip download flask -d wheels
```

Lamulo limeneli limapanga foda yotchedwa `wheels` ndi kuikamo Flask pamodzi ndi malaibulale onse amene imadalira, ndipo onse pamodzi ndi mamegabaiti ochepa chabe. Akabwerera ku Chelstone, nthawi iliyonse imene wayamba ntchito yatsopano amaika malaibulalewo kuchokera m'fodamo ndi lamulo ili:

```
pip install --no-index --find-links=wheels flask
```

Mawu akuti `--no-index` amaletsa pip kupita pa intaneti, ndipo akuti `--find-links` amailozera foda imene mafayilo ali. Atsitsa kamodzi, koma akhoza kuika kakhumi kapena kuposa osawononga deta.

Kodi chimene chingalakwike n'chiyani? Ena mwa mafayilowa amapangidwira mtundu umodzi wa Python ndi mtundu umodzi wa kompyuta, ndipo MarkupSafe ndi chitsanzo chabwino. Dzina la fayilo yake limanena za zimenezi, chifukwa likakhala ndi `cp312` ndiye kuti ndi ya Python 3.12, ndipo likakhala ndi `win_amd64` ndiye kuti ndi ya Windows ya mabiti 64. Ngati wophunzira atsitsira pakompyuta ya mnzake imene ili ndi Python 3.12 pamene yake ili ndi 3.11, kapena mnzakeyo ali ndi Linux, akafika kunyumba pip idzakana n'kulemba kuti `No matching distribution found`, ngakhale fayilo ya dzina limenelo ikuoneka m'fodamo. Uthenga umenewu ukaoneka, munthu ayerekeze nambala ya pa dzina la fayilo ndi imene imatuluka akalemba `python --version`. Njira yopewera zonsezi ndi kutsitsira palaputopu imene idzagwire ntchitoyo, Python ataikidwa kale.

Apa ndi pamene mfundo yachiwiri ija, kuyesa popanda intaneti, imakhala yofunika kuposa zina zonse. Wophunzira asanachoke pamalo amene pali wayifayi azimitse netiweki ya laputopu yake, apange malo atsopano a ntchito ndi lamulo lakuti `python -m venv venv` n'kulowamo ndi lakuti `venv\Scripts\activate`, aike Flask kuchokera m'foda ija, ndipo ayendetse kapulogalamu ka mizere ingapo. Ngati tsamba litseguka pa adiresi ya `127.0.0.1:5000`, imene imatanthauza laputopu yomweyo ndipo siifuna netiweki, ndiye kuti zonse zili m'malo mwake. Ngati china chasowa, chioneka iye akadali pafupi ndi intaneti, ndipo kukonza kwake kungotenga mphindi zochepa. Mfundoyi ibwerezedwe: chimene sichinayesedwe netiweki ili yozima sichinganenedwe kuti chatsitsidwa.

Kuyesa kotereku kumaulula vuto linanso limene limabisala. Maphunziro ambiri amauza wophunzira kuti akongoletse tsamba lake ndi Bootstrap pongolemba mzere umodzi wolozera ku fayilo imene ili pa intaneti. Netiweki ikakhalapo tsamba limaoneka bwino, koma ikazima mabatani ndi mitundu zonse zimasowa, ndipo pamatsala zilembo zakuda pa tsamba loyera. Wophunzira amene sadziwa chifukwa chake amataya madzulo onse kufufuza cholakwa m'malangizo ake pamene malangizowo alibe vuto. Chizindikiro chake ndi mzere uliwonse m'tsambamo umene uli ndi adiresi yoyamba ndi `https://`. Mankhwala ake ndi kutsitsa fayilo ya Bootstrap kamodzi, kuiika m'foda ya ntchitoyo yotchedwa `static`, ndi kusintha mzerewo kuti uzilozera kumeneko.

Nanga munthu akasokonezeka pakati pa ntchito, opanda intaneti yofunsirapo, achite chiyani? Python ali ndi thandizo lake m'kati momwemo, moti munthu akalemba `help(sqlite3)` ataitana kale laibulaleyo amaona malongosoledwe a zonse zimene ingachite. Palinso pulogalamu yaulere yotchedwa Zeal, imene imasunga mabuku a malangizo a zinenero zambiri monga Python, HTML ndi JavaScript, ndipo imalola kufufuza mawu mmenemo popanda netiweki. Zolembedwa zimadya deta yochepa kwambiri poyerekeza ndi vidiyo, chifukwa ola limodzi la vidiyo yooneka bwino likhoza kudya deta yoyandikira gigabaiti, imene ikanakwanira kutsitsa zinthu zinayi za pamndandanda zija kangapo. Funso limene lakanikiratu lilembedwe m'kope pamodzi ndi uthenga wa cholakwa monga mmene waonekera, ndipo mafunso otere afufuzidwe onse pamodzi pa nthawi imodzi, kaya pa bandulo ya usiku imene imatsika mtengo kapena pa ulendo wotsatira wa mtauni.

Pali deta ina imene imatha mwini wake osadziwa, ndipo omvera ambiri amene analumikizapo laputopu ku foni akuidziwa nkhani imeneyi. Kaya munthu ali pa MTN, Airtel kapena Zamtel, laputopu ikalumikizidwa ku foni kawirikawiri imaiona foniyo ngati wayifayi yopanda malire, ndipo Windows imayamba kutsitsa zokonzanso zake, zimene zikhoza kufika mamegabaiti mazanamazana, pamene OneDrive nayo ikutumiza mafayilo. Bandulo imene inagulidwa kuti ikhale sabata imatha ola lisanakwane. Chotchinga chake chili mu `Settings`, pa gawo la `Network & internet`, pamene munthu amasankha dzina la netiweki ya foni yake n'kuyatsa `Metered connection`, kutanthauza kuti deta ya pa netiweki imeneyo ndi yowerengeka. Windows ikatero imaimitsa zokonzanso zambiri mpaka itapeza netiweki ina, ngakhale kuti zochepa zofunika kwambiri pa chitetezo zikhoza kudutsabe. Zokonzansozo zisasiyidwe mpaka kalekale, koma zichitike pa tsiku la wayifayi.

Nkhani tsopano itembenukire ku magetsi. Wophunzira ayenera kudziwa maola enieni amene batire lake limapereka, ndipo Windows imatha kumuuza zimenezi kudzera mu lamulo ili:

```
powercfg /batteryreport
```

Lipoti limene limatuluka limasonyeza mphamvu imene batire linali nayo lili latsopano, yolembedwa kuti `Design capacity`, ndi imene limatha kusunga lero, yolembedwa kuti `Full charge capacity`. Pa laputopu yogula yakale, monga zambiri zimene zimagulitsidwa m'mashopu a mtauni cha ku Cairo Road, nambala yachiwiriyo imakhala yotsika ndithu. Mwachitsanzo, ngati batire likusunga mawati-ola 30 ndipo laputopu ikudya mawati 10 pamene munthu akungolemba malangizo, kuwala kwa sikirini kuli kochepetsedwa, ndiye kuti ali ndi maola 3. Laputopu yomweyo ikamaonetsa vidiyo, kapena ikamatchajanso foni, ikhoza kudya kuwirikiza kawiri, ndipo maola atatu aja amasanduka ola limodzi ndi theka.

Masamu amenewa ndi amene amagawa tsiku la wophunzira. Pa nthawi imene magetsi alipo, ngakhale pakati pa usiku, ntchito yoyamba ndi kutchaja laputopu ndi foni, ndipo ntchito zolemera monga kuika mapulogalamu aakulu zichitike pomwepo, popeza kuika kumene kwadukizidwa ndi kutha kwa batire kukhoza kusiya zinthu zitaonongeka. Maola a batire asungidwire kulemba ndi kuyesa malangizo basi. Pa nthawi imene batire latha, ntchito imapitirira papepala, chifukwa wophunzira wa ku Chelstone uja akhoza kujambula m'kope mmene ziwerengero za chilimba zidzakhalire, dzina la membala, mwezi ndi ndalama imene wapereka, ndi kulemba ndondomeko yopezera amene sanapereke, kotero kuti akatsegula laputopu angolowetsa zimene waziganizira kale. Amene akugwiritsa ntchito kompyuta ya padesiki yopanda batire ali pa chiopsezo chachikulu, chifukwa magetsi akazima zonse zimene sanasunge zimatayika nthawi yomweyo, ndipo ayenera kuyatsa `Auto Save` ngati akulembera mu Visual Studio Code.

Mfundo yachitatu, yomwe ndi kusunga, imadalira Git. Anthu ambiri amasokoneza Git ndi GitHub, koma ziwirizi ndi zosiyana, chifukwa Git ndi chida cha m'laputopu chimene chimasunga mbiri ya kusintha kulikonse kwa ntchito, pamene GitHub ndi malo a pa intaneti kumene mbiriyo ingatumizidwe. Lamulo lakuti `git commit` limagwira ntchito popanda netiweki, kotero wophunzira akhoza kusunga ntchito yake kangapo pa tsiku, ndipo akalakwitsa akhoza kubwerera pamene zinthu zinali bwino. Lamulo lakuti `git push` ndi limene limafuna intaneti, ndipo popeza limatumiza zosintha zokha, zimene zili zilembo chabe, nthawi zambiri silidya ngakhale megabaiti imodzi pa ntchito yaing'ono ngati imeneyi. Chenjezo lake ndi lakuti foda ya `wheels` ndi foda ya malo a malaibulale zisalowe m'mbiriyo, ndipo maina ake alembedwe m'fayilo yotchedwa `.gitignore`, apo ayi deta imene inapulumutsidwa potsitsa idzathera potumiza.

Mafayilo otsitsidwawo akoperedwenso pa fulashi, chifukwa laputopu ikhoza kufa kapena kubedwa, ndipo fulashi yomweyo ikhoza kuthandiza anthu angapo. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo ophunzira anayi a ku Kabwata amene agwirizana kukhala ndi mtundu umodzi wa Python akhoza kutuma mmodzi kukatsitsa, ena onse n'kukopera. Kugwirizana pa mtunduwo n'kofunika pa chifukwa chimene chafotokozedwa kale chija. Fulashi yoyenda m'makompyuta ambiri imatha kunyamula mavairasi, choncho fayilo yoikira pulogalamu itsimikiziridwe isanatsegulidwe. Opanga mapulogalamu ambiri amasindikiza nambala yaitali yotchedwa SHA-256, imene imawerengedwa kuchokera m'fayiloyo ndipo imasintha fayilo ikasinthidwa ngakhale pang'ono, kapena ikatsitsidwa moperewera chifukwa netiweki inaduka pakati. Pa Windows nambalayi imapezeka ndi lamulo lakuti `certutil -hashfile`, lotsatiridwa ndi dzina la fayilo ndi mawu akuti `SHA256`, ndipo ikasiyana ndi ya eni ake fayiloyo itayidwe.

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Pulogalamu imene ntchito yake ndi kulankhula ndi makina a kunja, monga yolandira ndalama za pafoni, siingayesedwe mpaka pamapeto popanda intaneti, ngakhale kuti mbali zake zambiri zikhoza kuyesedwa ndi mayankho ongoyerekeza. Kupanga mapulogalamu a mafoni ndi Android Studio kumafuna kutsitsa zoposa gigabaiti poyambira pokha, kumapitiriza kutsitsa zina pa ntchito yoyamba, ndipo kumamaliza batire msanga, kotero woyamba kumene amene alibe magetsi odalirika angachite bwino kuyamba ndi Python kapena HTML. Malaibulale osungidwa nawonso amakalamba, ndipo foda ya `wheels` ija iyenera kutsitsidwanso pakapita miyezi ingapo. Pa ntchito zolemera zotere, malo okumanirako anthu a luso la makompyuta monga BongoHive, amene anakhazikitsidwa mu Lusaka m'chaka cha 2011, komanso masukulu monga UNZA ndi Evelyn Hone kwa amene amaphunzira kumeneko, ndiwo oyenera kuikidwa pa ndondomeko ya sabata.

Pomaliza, mfundo zitatu zija zibwerezedwe kuti omvera azisunge. Wophunzira alembe mndandanda n'kutsitsa kamodzi, palaputopu yake yomwe. Azimitse netiweki n'kuyesa zonse asanachoke pamalo a intaneti. Asunge mafayilo pa fulashi ndi ntchito yake mu Git. Amene akufuna poyambira lero ayambe ndi zinthu ziwiri zosafuna ndalama, zomwe ndi kuyatsa `Metered connection` pa netiweki ya foni yake ndi kuona lipoti la batire, kuti adziwe maola amene ali nawo mawa.